Kalata yopempha ndalama zosungira mafayilo a mu ofesi

Pa makalata onse amene amafika pa tebulo la mkulu wa kampani, yopempha ndalama zogulira zipangizo zosungira mafayilo ndi imene imakhalitsa osayankhidwa. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Galimoto ya kampani ikafa, aliyense amaiona itaima panja, ndipo ndalama yokonzera imatuluka tsiku lomwelo. Koma mafayilo a pa kompyuta amaoneka ngati ali bwino mpaka m'mawa umene disiki yakana kuyaka. Woyang'anira ofesi amakhala akupempha ndalama zothana ndi vuto limene bwana sanalionepo ndi maso, ndipo kalata yake ndiyo iyenera kulionetsa.

M'maofesi ang'onoang'ono ambiri ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mafayilo amakhala omwazikana. Mabuku a ndalama ali pa kompyuta ya akauntanti. Makalata ali pa laputopu ya mlembi. Zina zili pa fulashi imene imayenda m'thumba la munthu mmodzi, zina zidatumizidwa pa foni. Fayilo iliyonse ili pamalo amodzi okha, ndipo malowo akawonongeka, akabedwa, kapena mwini wake akasiya ntchito, fayiloyo yapita. Kalata yabwino imayamba ndi kuwerenga zimenezi, kenako n'kupempha zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziyesa chinthu chimodzi.

Bokosi losungira ndi makope osungira: ntchito ziwiri zosiyana

Chinthu choyamba ndi bokosi losungira mafayilo la pa netiweki. Pa koteshoni ndi pa sikirini limalembedwa kuti NAS, ndipo makampani odziwika amene amapanga mabokosi otere ndi monga Synology ndi QNAP. Ndi kabokosi kokhala ndi malo olowetsa madisiki awiri kapena kuposerapo, ndipo kamalumikizidwa ndi waya ku netiweki ya mu ofesi. Wantchito aliyense amalowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, n'kutsegula mafoda okhawo amene adaloledwa. Ntchito ya bokosili ndi kusonkhanitsa mafayilo pamalo amodzi kuti onse azigwiritsa ntchito fayilo imodzi, osati makope asanu osemphana.

Bokosi la madisiki awiri kawirikawiri limakonzedwa m'njira yotchedwa RAID 1. Chilichonse cholembedwa pa disiki yoyamba chimalembedwanso pa yachiwiri nthawi yomweyo. Disiki imodzi ikafa, ntchito siima. Bokosi limapitiriza ndi yotsalayo mpaka mutaikamo yatsopano.

Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Poona madisiki awiri okhala ndi zinthu zofanana, munthu amati makope alipo kale. Koma madisiki awiriwa ali ngati mapepala awiri a m'buku la malisiti lokhala ndi kaboni: cholakwika cholembedwa pamwamba chimatsikiranso pansi, ndipo bukulo likapsa, mapepala onse awiri apsera limodzi. Wantchito akafufuta foda mwangozi, imafufutika pa madisiki onse awiri. Vayirasi yotseka mafayilo ikalowa, imatseka pa onse awiri. Wakuba akanyamula bokosi, wanyamula onse awiri. RAID 1 imateteza ku vuto limodzi lokha, la kufa kwa disiki.

N'chifukwa chake pali chinthu chachiwiri, madisiki a bakapu. Awa ndi madisiki akunja olumikiza ndi kachingwe, amene amakopa zonse za m'bokosi kenako n'kuchotsedwa. Akatswiri amatsata lamulo lotchedwa 3-2-1: makope 3 a fayilo iliyonse, pa zipangizo 2 zosiyana, ndipo kope 1 likhale kutali ndi ofesi. Powerenga, madisiki awiri a m'bokosi aja amatengedwa ngati kope limodzi. Kope lachiwiri ndi disiki yakunja imene ili mu ofesi sabata imeneyo. Lachitatu ndi disiki imene ili kunja kwa nyumbayo.

Kudziwa kukula kofunika

Tiyerekeze ofesi ya ku Blantyre yojambula mapulani a nyumba ndi kuyang'anira zomanga, yokhala ndi antchito 12. Woyang'anira ofesi asanapite kwa ogulitsa, azungulire kompyuta iliyonse n'kuona kukula kwa mafoda a ntchito, kupatula nyimbo, mafilimu ndi zithunzi za anthu eni. Tinene kuti zonse pamodzi zakwana magigabayiti 900. Kenako aone mafayilo a chaka chatha okha, kuti adziwe mmene katunduyu amakulira. Tinene kuti pa chaka pamawonjezeka magigabayiti 300, makamaka zithunzi za pamalo omanga ndi mapulani.

Bokosi lotere ligulidwe poganizira zaka zisanu. Magigabayiti 300 pa zaka 5 ndi 1,500, ndipo kuphatikiza ndi 900 amene alipo kale zikukwana 2,400. Pafunikanso malo osungira makope akale a mafayilo osinthidwa, kuti munthu athe kubwerera ku pulani ya Lachiwiri lapitalo ngati ya lero yasokonezeka. Tikapatula gawo limodzi mwa magawo atatu pa ntchito imeneyi, tifika pa magigabayiti 3,200. Disiki ya materabayiti 4 ikwanira.

Pali zinthu ziwiri zimene kalata iyenera kunena poyera, kuti bwana asadzadabwe. Choyamba, madisiki awiri a materabayiti 4 m'njira ya RAID 1 sapereka malo a materabayiti 8. Amapereka 4, chifukwa yachiwiriyo imangobwereza yoyamba. Chachiwiri, pa sikirini padzaoneka pafupifupi 3.6, popeza opanga madisiki amawerenga ndi 1,000 pamene kompyuta imawerenga ndi 1,024. Palibe amene waba. Ndi kawerengedwe chabe. Madisiki a bakapu nawo asachepe poyerekeza ndi malo a m'bokosi, ndipo akakulirapo pang'ono n'kwabwino, chifukwa amasunga makope a masabata angapo.

Kalata yake

Kalata yotere isapitirire tsamba limodzi, ndipo makoteshoni amatidwe kumbuyo. Mitengo ili m'munsiyi ndi yachitsanzo, yosonyeza kayalidwe. Yeniyeni ichokere pa makoteshoni a sabata imene kalata ikulembedwa.

Kwa: Mkulu wa kampani
Kuchokera kwa: Woyang'anira ofesi

PEMPHO LA K4,300,000 YOGULIRA BOKOSI LOSUNGIRA MAFAYILO NDI MADISIKI A BAKAPU

Bwana,

Ndikupempha kuti muvomereze K4,300,000 yogulira bokosi losungira mafayilo a ofesi yathu pamalo amodzi, pamodzi ndi madisiki awiri osungira makope ake. Koteshoni imene ndasankha ikutha pakatha masiku 14, choncho ndingathokoze mutandiyankha lisanafike Lachisanu la sabata yamawa.

Pakadali pano mapulani, mabuku a ndalama ndi makalata athu, okwana magigabayiti 900, ali pa makompyuta 12 osiyanasiyana, ndipo ambiri alibe kope lina. Mwezi watha laputopu ya m'chipinda chojambulira idakana kuyaka. Anthu awiri adatha masiku 6 akujambulanso mapulani amene anali atamalizidwa kale, ndipo kasitomala adalandira ntchito yake mochedwa ndi sabata imodzi. Ikadakhala kompyuta ya akauntanti, tikadataya mabuku a ndalama a zaka 4, amene a MRA kapena owerengera ndalama angawafune nthawi ina iliyonse.

Zofunika kugula ndi izi: bokosi la madisiki awiri, K1,400,000, madisiki awiri a m'bokosi a materabayiti 4, K1,200,000, madisiki awiri akunja a materabayiti 5, K1,000,000, batire losunga magetsi, K400,000, katswiri woika ndi kuphunzitsa antchito, K300,000. Mitengoyi ikuphatikiza msonkho. Ndamata makoteshoni atatu. Ndasankha wachiwiri pa kutchipa chifukwa ndi yekhayo amene walemba chitsimikizo chosinthira disiki yowonongeka kuno kwathu konkuno.

Madisiki akunja si owonjezera chabe. Bokosi limatiteteza disiki ikafa, koma silititeteza ku moto, akuba, vayirasi kapena kufufuta mwangozi. Ngati ndalama sizikwanira zonse mwezi uno, ndikupempha kuti tiyambe ndi madisiki akunja ndi batire, bokosi litsatire.

Ine ndidzayang'anira kusintha madisiki sabata iliyonse, ndipo akauntanti adzandigwirira ndikakhala ku tchuthi. Miyezi itatu iliyonse tidzayesa kubweza mafayilo kuchokera pa disiki yakunja, ndipo ndidzakupatsani zotsatira zake molemba.

Ine wanu pa ntchito,
Woyang'anira ofesi

Chifukwa chake yayalidwa chomwechi

Ndalama ndi tsiku lofunika yankho zili m'ndime yoyamba, chifukwa mkulu wa kampani amawerenga mothamanga ndipo amafuna kudziwa msanga chimene akupemphedwa kusayina. Tsikulo si lokakamiza bwana. Zipangizo zonsezi zimachokera kunja ndipo mitengo yake imatsata dola. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo koteshoni iliyonse ya katundu wakunja imene inali pa tebulo idatha ntchito. Ogulitsa amaika masiku ochepa pa koteshoni pa chifukwa chimenechi, ndipo kalata yokhala miyezi iwiri m'thireyi imafunika kulembedwanso ndi mtengo wina.

Ndime yachiwiri sikamba za makina. Ikukamba za masiku a ntchito otayika, kasitomala wodikira ndi mabuku a msonkho. Bwana sangayeze kufunika kwa terabayiti, koma amadziwa bwino mtengo wa anthu awiri ogwira ntchito imodzi kawiri kwa masiku 6. Chofunika n'chakuti nkhani yolembedwayo ikhale yoona ndi yoti iye angaitsimikize pofunsa antchito. Kukokomeza kumawononga kalata yotere, chifukwa bwana akapeza bodza limodzi amakayikiranso mitengo.

Ndime yonena zoyamba kugula ndalama zikachepa ndiyo mtima wa kalatayi. Mkulu aliyense wosamala ndalama amafuna podula, ndipo mzere umene umaoneka wosafunika ndi wa madisiki akunja. Akadula pamenepo, ofesi imatsala pangozi yaikulu kuposa kale: mafayilo amene anali omwazikana pa makompyuta 12 tsopano ali m'bokosi limodzi, lopepuka moti munthu angalinyamule kukhwapa, ndipo alibe kope kwina. Woyang'anira ofesi wanzeru sadikira kuti bwana asankhe yekha podula. Amasonyeza yekha pamene pangadikire.

Mafunso amene bwana adzafunsa

Funso loyamba limakhala la intaneti: bwanji osangosunga zonse kumeneko? Yankho lili m'masamu. Kutumiza magigabayiti 900 pa intaneti yotumiza mamegabiti 10 pa sekondi kumatenga maola 200, kutanthauza masiku oposa 8 usana ndi usiku, ngati intaneti ndi magetsi sizidukiza. Kuwabweza tsiku la tsoka kumatenganso nthawi yaitali, ndipo malipiro ake ndi a mwezi ndi mwezi, kawirikawiri m'ndalama yakunja. Komabe njirayi ili ndi malo ake. Mabuku a ndalama ndi makontirakiti mwina sapitirira magigabayiti 20, amene angatumizidwe m'maola osakwana 5 ulendo woyamba, kenako tizigawo tosinthidwa tokha. Kuika mafayilo ochepa ofunikitsitsa pa intaneti, ndi ena onse pa madisiki, ndi nzeru yabwino.

Funso lachiwiri ndi la batire losunga magetsi, limene m'masitolo limalembedwa kuti UPS. Kwathu kuno funsoli siliyenera kutenga nthawi. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kudatenga miyezi yambiri. Magetsi akazima bokosi lili pakati polemba, fayilo imatha kutsala yoduka, ndipo akabwera mwamphamvu amatha kuotcha zipangizo. Ntchito ya batireli si kuyendetsa ofesi tsiku lonse. Limapatsa bokosi mphindi zochepa zoti limalize kulemba n'kudzizimitsa mwadongosolo. Kuti zimenezi zitheke, pakhale kachingwe kochokera ku batire kupita ku bokosi, kolidziwitsa kuti magetsi apita. Maofesi ambiri amagula batire n'kuiwala kachingweka, ndipo usiku batire limatha mphamvu bokosi n'kuzima mwadzidzidzi ngati kuti batire kulibe.

Funso lachitatu ndi la mtengo wa madisiki: bwanji osagula otchipa? Madisiki a m'bokosi amazungulira usana ndi usiku, ndipo pali mitundu yopangidwira ntchito imeneyi, monga WD Red Plus ndi Seagate IronWolf, imene opanga ake amapereka chitsimikizo cha zaka 3. Koteshoni itchule dzina ndi nambala ya disiki, ndipo katundu akafika, woyang'anira ofesi aone kuti zolembedwa pa disikiyo zikufanana ndi za pa koteshoni, komanso kuti ndi yatsopano.

Funso lachinayi ndi lakuti ndani angafune mafayilo a ofesi yaing'ono. Vayirasi yotseka mafayilo sisankha kukula kwa ofesi. Imalowa kudzera pa kalata ya pa intaneti imene wantchito watsegula, n'kutseka chilichonse chimene kompyuta yakeyo ikutha kufikira, kuphatikizapo mafoda a m'bokosi. Mu Febuluwale 2024, pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti ntchito yosindikiza mapasipoti idaima chifukwa achiwembu adalowa m'makina ake ndipo ankafuna dipo. Disiki yokhayo imene chiwembu chotere sichingaifikire ndi imene yazulidwa pa chingwe.

Bwana akasayina

Kasinthidwe ka madisiki kalembedwe pa pepala lomatidwa pafupi ndi bokosi. Disiki yoyamba imakhala yolumikizidwa kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo bokosi limakopera pamenepo tsiku lililonse. Kukopa koyamba kwa magigabayiti 900 kumatenga maola angapo. Kotsatira kumakhala kwa mphindi, chifukwa kumangotenga zosinthidwa. Ndi bwino kuika nthawi yokopa madzulo anthu asanaweruke, pamene wina angaone ngati magetsi alipo ndiponso ngati ntchitoyo yatha. Lachisanu madzulo disiki yoyamba imazulidwa n'kupita kosungira. Lolemba m'mawa yachiwiri imabwera. Dongosolo limeneli limachititsa kuti madisiki awiriwa asakumane mu ofesi tsiku limodzi.

Kosungirako kukhale kutali ndithu, osati chipinda china cha nyumba yomweyo. Anthu a ku Blantyre adaona mu Malichi 2023, pa nthawi ya namondwe Freddy, kuti madzi ndi matope zimawononga dera lonse nthawi imodzi. Nthambi ina ya kampani, kapena kabati yokhoma kunyumba kwa bwana kudera lina, ndi malo oyenera.

Disiki yotuluka mu ofesi imanyamula malipiro a antchito, manambala a ziphaso zawo ndi zinsinsi za makasitomala. Iyenera kutsekedwa m'njira yoti wotola asathe kuwerenga popanda kiyi wake, ndipo mapulogalamu a bakapu a m'mabokosi otere ali ndi pochongera zimenezi. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, limafuna kuti wosunga zokhudza anthu ena azisunge motetezeka. Koma kiyi wotsegulirayo alembedwe pa pepala, aikidwe mu envelopu yomata, ndipo asungidwe ndi anthu awiri kunja kwa ofesi. Kiyi akatayika, disikiyo singatsegulidwe ngakhale ndi mwini wake.

Bwana adziwenso malire a dongosololi. Moto ukabuka Lachinayi usiku, bokosi ndi disiki ya sabata imeneyo zapita, ndipo yotsalayo ili ndi mafayilo a Lachisanu lapitalo. Ntchito ya masiku anayi yatayika. Ngati ofesi singapirire zimenezi pa mabuku a ndalama, yankho ndi kope la pa intaneti lija la tsiku ndi tsiku. Chisankhochi ndi cha bwana, ndipo achipange akudziwa.

Zizindikiro za vuto zilipo, ngati pali wozipenya. Disiki imodzi ikafa, bokosi limalira, nyale yake imasintha mtundu, ndipo pa sikirini pamaoneka mawu akuti Degraded. Ntchito imapitirira ngati palibe chachitika, ndipo apa m'pamene pali msampha: wina amazimitsa kulirako n'kuiwala, ofesi n'kumayenda pa disiki imodzi kwa miyezi. Disiki yatsopano ikaikidwa, bokosi limatha maola ambiri likukopera, ndipo nthawi imeneyo yakaleyo imagwira ntchito yolemetsa; ngati nayo yatopa, ingafere pomwepo. Choncho bakapu itsimikizidwe disiki isanasinthidwe. Madisiki amadziyezanso okha m'njira yotchedwa SMART, ndipo bokosi lingakonzedwe kuti lizitumiza uthenga likaona tizigawo towonongeka tikuchuluka. Uthengawo upite kwa munthu amene akadali pa ntchito, osati kwa katswiri amene adaika bokosi n'kupita.

Vuto lofala kwambiri ndi bakapu imene idasiya kugwira ntchito mwakachetechete. Disiki idadzaza, kachingwe kadamasuka, kapena foda yatsopano sidawonjezedwe pa mndandanda wa zokopedwa. Munthu amapitiriza kunyamula disiki Lachisanu lililonse, osadziwa kuti mulibe chatsopano. Njira yodziwira ndi iwiri. Ya sabata iliyonse ndi kuona tsiku la kope lomaliza disiki isanazulidwe. Ya miyezi itatu iliyonse ndi kuyesa kwenikweni: bwana asankhe yekha mafayilo atatu, monga pulani ya chaka chatha, buku la malipiro la mwezi watha ndi kalata ya sabata yatha, ndipo woyang'anira ofesi awabweze kuchokera pa disiki yakunja, awatsegule, n'kulemba nthawi imene zatenga.

M'bajeti ya zaka zikubwerazi musasowe mzere wa zipangizozi. Batire limatha mphamvu pakapita zaka zochepa, makamaka m'chipinda chotentha, ndipo madisiki akafika zaka zisanu ayenera kuganiziridwa zosintha ngakhale akuoneka bwino. Mkulu wa kampani amene walandira kalata yotere asanasayine afunse mafunso atatu: kope lakutali lidzakhala kuti, ndani adzalisintha, ndipo kuyesa koyamba kubweza mafayilo kudzachitika tsiku liti. Kalata imene yayankha mafunso atatuwa, ndi mayina a maudindo ndi masiku ake, ndi yoyenera kuvomerezedwa yonse, popanda kudula madisiki akunja.